Musanalembe fefolo, werengani kaye MCV

Pepala la FBC likafika kuchokera ku labu, ambirife maso amathamangira pa HGB, mlingo wa himogulobini. Tikaona 8, timalemba fefolo, mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi, wa mwezi umodzi, wodwala n'kumapita. Komatu papepala lomwelo, mizere ingapo m'munsi, pali nambala ina yolembedwa MCV imene makina awerengera kale popanda mtengo wina woonjezera. Nambalayi imanena kukula kwa selo lofiira limodzi tikatenga avareji ya maselo onse, ndipo muyezo wake ndi fL. Siitchula dzina la matenda. Ntchito yake ndi kukuuzani mafunso oti mufunse wodwalayo ndi zoti muyeze kenako, ndipo kuno ku Lilongwe, kumene zoyeza zina zimapezeka lero mawa n'kusowa, thandizo limeneli si laling'ono. Malangizowa ndi a ophunzira zachipatala, anamwino ndi anzanga oona odwala tsiku ndi tsiku.

Choyamba: kodi magazi ndi ochepadi, nanga pali changu?

MCV isanje munthu amene mwatsimikiza kale kuti magazi ake ndi ochepa. Malire amene timagwiritsa ntchito kwa akuluakulu ndi awa: HGB yosafika 13 g/dL kwa abambo, yosafika 12 kwa amayi amene si oyembekezera, ndi yosafika 11 kwa amayi oyembekezera.

Wodwala amene akupuma movutikira, mtima ukuthamanga, kapena akutaya magazi panopa, muthandizeni kaye, zosanjazi zidikire. Chinthu chimodzi chokha musaiwale: tengani magazi okayeza musanamuike magazi a munthu wina. Mukatenga pambuyo pake, makina adzayeza maselo a anthu awiri osakanikirana, ndipo MCV imeneyo idzakusocheretsani kwa masabata angapo.

Chachiwiri: onani ngati nambalayo ndi yodalirika

Magazi a FBC amalowa m'chubu cha chivundikiro chapepo, cholembedwa EDTA. Chubucho chidzazidwe mpaka pamzere, chitembenuzidwe pang'onopang'ono kangapo, ndipo chikafike ku labu tsiku lomwelo. Magazi akagona m'chubu pamalo otentha, maselo amafufuma ndipo MCV imakwera mwabodza. Izi zimachitika kwambiri ndi magazi ochokera ku zipatala zazing'ono zakutali amene amadikira galimoto. Choncho mukaona MCV ya 103 pa magazi amene atengedwa dzana, bwerezani musanayambe kuganiza za matenda. Shuga wokwera kwambiri nayenso amatha kuikweza mwabodza.

Ngati pepala lilibe MCV koma lili ndi HCT, gawo la magazi limene ndi maselo ofiira, ndi RBC, chiwerengero cha maselowo, iwerengereni nokha:

```
MCV (fL) = HCT (%) x 10 / RBC (x10^12/L)
```

Chachitatu: ikani wodwalayo m'gulu

Kwa munthu wamkulu, MCV yosafika 80 ndiye kuti maselo ndi aang'ono, 80 mpaka 100 ndi apakati, ndipo yoposa 100 ndi aakulu. Labu yanu ikhoza kusindikiza malire osiyana pang'ono, ndipo munthu wa 79 sasiyana kwenikweni ndi wa 81, ndiye manambala a m'malirewa musawatenge ngati lamulo.

Magulu atatuwa ali ndi chifukwa chake m'thupi, ndipo mukachimvetsa simuvutikanso kuloweza. Maselo ofiira amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Selo likamakula limagawikana kangapo, ndipo likagawikana limachepa, kwinaku likudzadza ndi himogulobini. Himogulobini ikamavuta kupanga, selolo limagawikana koposa muyezo, n'kutuluka laling'ono ndi lotuwa. Kugawikanako kukakhala kumene kukuvuta, chifukwa zopangira DNA zasowa, selolo limangokula osagawikana mokwanira, n'kutuluka lalikulu. Pamene maselo akupangidwa bwino koma ndi ochepa, kapena akutayika ndi kuphwanyika atapangidwa kale, kukula kwake sikusintha.

Chachinayi: maselo aang'ono

Gulu ili ndi limene mudzakumana nalo kwambiri, choncho tiyeni tiyende ndi chitsanzo. Tiyerekeze kuti kwabwera mayi wa zaka 34 wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika, si woyembekezera. Akuti amatopa msanga, akasenza dengu mtima umagunda kwambiri, ndipo akaimirira mwadzidzidzi amachita chizungulire. Zikhatho ndi m'zikope mwayera. Alibe malungo, alibe HIV. Pepala lake likuti:

```
HGB  7.8 g/dL
RBC  3.9 x10^12/L
HCT  26.5 %
MCV  68 fL
RDW  18.9 %
```

Yesani kuwerengera: 26.5 kuchulukitsa ndi 10 ndi 265, kugawa ndi 3.9 tipeza pafupifupi 68. Manambala akugwirizana, maselo ndi aang'ono.

Zoyambitsa zoti muziganizire ndi zitatu: kusowa kwa ayironi, talasemiya yobadwa nayo, ndi matenda okhalitsa monga TB, ngakhale kuti achitatuwa kawirikawiri sachepetsa maselo kwambiri. Posiyanitsa ziwiri zoyambazo, yang'anani RBC ndi RDW. RDW imanena kusiyana kwa kukula kwa maselo pakati pawo, ndipo kwa munthu wabwinobwino imakhala cha pa 11.5 mpaka 14.5. Ayironi akamatha pang'onopang'ono, maselo atsopano amachepera kuposa akale, ndiye RDW imakwera ndipo chiwerengero cha maselo chimatsika. Wa talasemiya yopepuka anabadwa nayo. Maselo ake ndi aang'ono onse mofanana, ndiponso amakhala ambiri. Pali kawerengedwe kachidule, kugawa MCV ndi RBC: kukaposa 13 kumaloza kwa ayironi, kukachepera 13 kumaloza kwa talasemiya. Kwa mayi wathu, 68 kugawa ndi 3.9 ndi 17.4, RDW yakwera, ndiye zonse zikuloza kwa ayironi.

Yerekezani ndi mnyamata wobwera kudzapimitsa thupi kuti akayambe ntchito, wopanda dandaulo lililonse: HGB 12.6, RBC 5.8, MCV 70, RDW 14. Kugawa kuja kukupereka 12.1. Ameneyu mwina ali ndi talasemiya yopepuka, imene si yachilendo m'Malawi muno, ndipo mukamumwetsa ayironi chaka chathunthu MCV yake siidzasuntha. Kawerengedweka kamangokulozerani njira, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, koma kamapulumutsa anthu ambiri ku mapiritsi opanda phindu.

Kumene felitini, amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, akuyezedwa, muyezeni. Akakhala wosafika 15 ng/mL ndiye kuti ayironi watha ndithu, ndipo madokotala ambiri amakayikira kale akatsika kuposa 30. Vuto lake ndi lakuti felitini amakwera thupi likamalimbana ndi matenda. Munthu wa malungo, TB kapena HIV akhoza kukhala ndi felitini wooneka bwino pamene ayironi alibe. Choncho felitini wotsika amatsimikiza, koma wooneka bwino mwa munthu wodwala sachotsa chikayiko.

Tsopano funso limene ambiri timalumpha: ayironiyo wapita kuti? Munthu wamkulu amataya ayironi wochepa kwambiri patsiku, ndiye akatha mpaka HGB kufika 7.8, kaganizeni kaye za kutaya magazi musanalozere chala chakudya. Mafunso ake afunseni mwaulemu koma molunjika. "Mayi, mukamasamba mumatha masiku angati? Nsalu mumasintha kangati patsiku? Pamatuluka magazi oundana?" Amayi ambiri sanena okha zimenezi chifukwa amaona ngati ndi mmene analengedwera. Funsaninso za njira yakulera imene akugwiritsa ntchito, kuti anabereka liti komaliza, ndi kuti ana anatalikirana bwanji. Funsani ngati amaona magazi mumkodzo kapena m'chimbudzi, ngati amachapa kapena kusamba mumtsinje kapena padambo, chifukwa likodzo ndi njoka zam'mimba zoyamwa magazi sizinathe. Funsani za chimbudzi chakuda ndi mankhwala opha ululu ogula pagolosale monga bulufeni, asipirini ndi indosidi, amene amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba. Ndimakondanso kufunsa ngati amalakalaka dothi. Ambiri amayamba aseka kaye, kenaka n'kuvomera kuti amagula pamsika, ndipo chilakolako chimenechi chimayenda kwambiri ndi kusowa kwa ayironi.

Tiyerekeze kuti mayi wathu akuti amasamba masiku 8, ndi magazi oundana. Apa pali ntchito ziwiri, kubwezeretsa ayironi ndi kufufuza chimene chikuchulukitsa msambo, kuphatikizapo kuunika chiberekero ndi kuyeza khomo lake. Mukachita yoyamba yokha adzabweranso pakatha miyezi ingapo ali chimodzimodzi. Piritsi la ayironi la 200 mg la mtundu wa salufeti lili ndi ayironi weniweni pafupifupi 65 mg. Kuchuluka kwa mapiritsi tsatirani ndondomeko ya unduna wa zaumoyo. Muuzeni asamwere tiyi chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndipo mumuchenjezeretu kuti chimbudzi chidzada, kuti asadzasiye mankhwala poopa. Ambiri timaperekanso alubendazo 400 mg kamodzi ngati si woyembekezera wa miyezi itatu yoyambirira.

Abwerenso pakatha masabata atatu kapena anayi. Ngati munalondola, HGB idzakhala itakwera ndi pafupifupi 2 g/dL. MCV imatsalira m'mbuyo, chifukwa selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120 ndipo aang'ono akale aja akadali m'magazi. RDW ikhoza kukwera kaye popeza atsopano aakulu bwino asakanikirana ndi akalewo. Zimenezi zisakudetseni nkhawa. HGB ikafika pabwino, apitirize ayironi miyezi ina itatu kuti thupi lisunge wina. Koma ikapanda kusuntha, funsani ngati akumwadi mankhwala, ngati akutayabe magazi, kapena ngati munaphonya matenda ena, m'malo mongolemba fefolo wina.

Akanakhala bambo, kapena mayi amene anasiya kusamba, nkhani ikanakhala ina. Kwa iwowa kusowa kwa ayironi kopanda chifukwa chooneka kumafuna kuunikidwa m'mimba ndi m'matumbo, chifukwa khansa imatha kudontheza magazi mwakachetechete kwa miyezi yambiri. Atumizeni ku chipatala chachikulu ngati Kamuzu Central, musawasunge pa mapiritsi.

Chachisanu: maselo aakulu

MCV ikaposa 100, yambani ndi kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo ndi funso la mowa, musanaganize za zoyeza zodula. Mankhwala a AZT amakweza MCV pafupifupi mwa aliyense wowamwa, nthawi zambiri kupitirira 100, ndipo amathanso kutsitsa magazi kwambiri makamaka miyezi yoyambirira. Anthu ambiri lero ali pa mankhwala opanda AZT, koma alipo amene akumwabe, choncho onani nambala ya mankhwala awo. MCV yokwera yokha HGB ili bwino si chifukwa chosinthira mankhwala. HGB ikamatsika, kambiranani ndi a kiliniki ya ma ARV mwamsanga. Bakitirimu, fenitoyini wa khunyu, metifomini wa shuga akamwedwa zaka zambiri, ndi hayidirokisiyuriya wa odwala sikoselo nawonso amatha kuikweza.

Mowa umakweza MCV ngakhale magazi asanachepe, kawirikawiri pakati pa 100 ndi 110, ndipo matenda a chiwindi amachitanso chimodzimodzi. Funso lakuti "Bambo, mumamwa?" yankho lake limangokhala "pang'ono". Funsani kuti amamwa chiyani, kachasu kapena wa m'mabotolo, masiku angati pasabata, ndipo akayamba amalekeza pati.

MCV ikapitirira 110 ndipo mankhwala aja palibe, ganizani kwambiri za kusowa kwa vitamini B12 kapena foliki asidi. Pemphani a labu apake magazi pagalasi aone pa maikulosikopu. Adzaona maselo ofiira aakulu obulungira motalika ngati dzira, ndi maselo oyera ena amene pakati pawo pagawikana zigawo 6 kapena kuposa. Nthawi zina WBC ndi PLT zimatsikira limodzi. Foliki asidi amapezeka m'masamba obiriwira ndi nyemba, amawonongeka ndiwo zikaphikidwa nthawi yaitali, ndipo amene thupi limasunga amatha m'miyezi yochepa. B12 amachokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo thupi limasunga wokwanira zaka zingapo. Amasowa mwa munthu amene sapeza zakudyazi kwa nthawi yaitali kapena amene m'mimba mwake simumuyamwa bwino.

Chenjezo lalikulu pagulu ili ndi ili: musapereke foliki asidi yekha ngati simunachotse chikayiko cha B12. Foliki asidi akhoza kukweza HGB pamene mitsempha ya ubongo ndi ya m'miyendo ikupitiriza kuwonongeka, ndipo kuwonongeka kwina sikubwerera. Funsani za dzanzi ndi kutentha kwa mapazi, kudzandira poyenda makamaka mumdima, ndi kuiwalaiwala. Ngati zilipo ndipo B12 simungayeze, n'kwabwino kupereka jekeseni wa B12 kusiyana n'kudikira. Kumbukirani kuti fefolo ali ndi foliki asidi, ndiye kumulemba osaona MCV kukhoza kubisa vuto limeneli. Wokalamba amene MCV ndi yokwera, maselo ena atsika, ndipo mavitamini sakusintha kanthu, atumizidwe kukaunikidwa mafuta a m'mafupa.

Chachisanu ndi chimodzi: maselo apakati

Gulu ili ndi lonyenga, chifukwa nambala yooneka bwino imatichititsa kuleka kuganiza. Musanachite china chilichonse, yang'anani RDW. MCV ndi avareji chabe. Dengu la tomato wamng'ono kwambiri wosakaniza ndi wamkulu kwambiri, pa avareji lingaoneke ngati la tomato wapakati, pamene mulibe ngakhale mmodzi wapakati. Munthu wosowa ayironi ndi B12 nthawi imodzi, kapena womwa AZT amene akutayanso magazi, akhoza kukhala ndi theka la maselo a 65 ndi theka la 110, makina n'kusindikiza 87. Chimene chimamuulula ndi RDW yokwera kwambiri, mwina 20 kapena kuposa, ndipo pagalasi mitundu iwiriyo imaoneka poyera. Kusowa kwa ayironi kongoyamba kumene nakonso kumaoneka ndi MCV yapakati, RDW itayamba kale kukwera.

RDW ikakhala bwino, funso lotsatira ndi lakuti kodi mafupa akuyankha? Yankho lili m'chiwerengero cha maselo ofiira ongotuluka kumene m'mafupa, chimene papepala chimalembedwa RET. Mwa munthu wathanzi chimakhala cha pa 0.5 mpaka 2.5 peresenti. Mwa wochepa magazi chimayenera kukwera kwambiri ngati mafupa ali bwino, ndiye RET ya 1.5 pa HGB ya 7 muione ngati yotsika.

RET ikakwera, maselo akupangidwa koma akutayika kapena kuphwanyika. Funani kumene magazi akutuluka, kenaka funani zizindikiro za kuphwanyika kwa maselo: maso achikasu, mkodzo wakuda, kapamba wotupa. Kwathu kuno malungo ndiwo oyamba kuyeza, kenaka sikoselo, ndi vuto lobadwa nalo la G6PD limene limaphwanyitsa maselo munthu akamwa mankhwala ena kapena akadwala. Maselo atsopanowa ndi aakulu kuposa okhwima, choncho akachuluka amatha kukankhira MCV mpaka kupitirira 100 pang'ono. Munthu wachikasu wa MCV ya 102 musamuthamangitsire ku B12 musanaone RET. Dziwaninso kuti munthu amene wataya magazi ambiri mwadzidzidzi, pangozi kapena pobereka, maola oyambirira MCV imakhala bwinobwino, ndipo HGB nayonso imachedwa kutsika.

RET ikatsika, mafupa sakupanga mokwanira. Apa pamabwera matenda okhalitsa, HIV ndi TB patsogolo, amene amachititsa thupi kutsekera ayironi m'nkhokwe zake osamutulutsa. Odwala oterewa magazi amakwera matendawo akachiritsidwa. Yezaninso impso, makamaka kwa odwala shuga ndi BP, chifukwa impso ndizo zimatulutsa chimene chimauza mafupa kupanga maselo ofiira. Ndipo mukaona WBC ndi PLT zatsika kapena zakwera modabwitsa pamodzi ndi HGB, ameneyo si wa fefolo. Apakidwe magazi pagalasi ndipo atumizidwe msanga.

Za ana

Malire a 80 ndi 100 musawagwiritse ntchito kwa ana. Mwana wobadwa kumene amakhala ndi maselo aakulu, MCV yoposa 100 ndi yachibadwa kwa iye. Imatsika miyezi yotsatira, ndipo pofika chaka chimodzi MCV ya 72 ikhoza kukhala yabwinobwino. Njira yachidule yopezera malire a m'munsi kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 10 ndi kuphatikiza 70 ndi zaka zake, ndiye wa zaka 4 tinganene kuti maselo ake ndi aang'ono akatsika kuposa 74.

Kafukufuku wina wa ana ochepa magazi kwambiri ku Blantyre ndi ku Chikwawa, amene anasindikizidwa mu 2008, anapeza kuti malungo, mabakiteriya m'magazi, njoka zam'mimba, HIV, vuto la G6PD ndi kusowa kwa mavitamini A ndi B12 ndizo zinkayenda ndi vutoli, ndipo kusowa kwa ayironi sikunali patsogolo monga ambiri ankaganizira. Choncho mwana wotentha thupi amene zikhatho zayera, yezani malungo ndi kufufuza matenda ena kaye, ndipo ayironi adikire mpaka kutentha thupi kutatha. Kwa mwana amene amachepa magazi mobwerezabwereza, amatupa zala kapena kumva ululu m'mafupa, yezani sikoselo musanalembe ayironi, chifukwa ambiri a iwo ali naye kale wokwanira, makamaka amene anaikidwapo magazi kangapo.